Umboni wa kasitomala mmodzi ukhale wa msinkhu wake

Pali chiganizo chimene chafala m'mauthenga a pa WhatsApp ochokera kwa anthu otsatsira anzawo malonda, ndipo chimanyansa aliyense amene anasungapo kaundula wa golosale: "Tinakweza malonda a kasitomala wathu kawiri m'mwezi umodzi." Wolemba uthengawo sanena kuti malondawo anachoka pati, mwezi wake unali uti, ndiponso anawerengera ndani, moti wolandira uthenga amatsala ndi nambala yopanda mutu. Chomvetsa chisoni n'chakuti kawirikawiri ntchito yeniyeni imakhala itachitikadi, koma mwini wake amaiwononga poikometsera.

Tiyerekeze mnyamata wojambula zithunzi amene wathandiza mayi wophika makeke ku Area 25 mu Lilongwe, pomujambulira makeke ake ndi kumukonzera mndandanda wa mitengo. Kaundula wa mayiyo akusonyeza kuti asanathandizidwe ankalandira maoda 9 pa sabata, ndipo m'masabata asanu ndi limodzi otsatira akhala akulandira maoda 14 pa sabata. Umboni wonse umene mnyamatayo ali nawo ndi umenewu, ndipo ndi wokwanira ngati aunena monga uliri: poyambira, pofikira, kutalika kwa nthawi, ntchito imene iye anagwira, ndi kumene manambala achokera. Akalemba kuti maoda anakwera ndi 56 pa 100 alionse sananame, koma wabisa kuti nkhani yonse ndi ya maoda asanu oonjezera pa sabata, ndipo akalemba kuti anakwera pafupifupi kawiri wayamba kale kunama, chifukwa kawiri ka 9 ndi 18.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa nyengo. Aliyense akudziwa kuti mu Januwale ndalama zimathera ku fizi ya ana ndi feteleza, ndipo kuti anthu akakolola ndi kugulitsa fodya maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka, choncho kuyerekeza Januwale ndi Juni n'kudzitamandira ndi ntchito imene yagwiridwa ndi kalendala. Wofuna kunena zoona amayerekeza masabata amenewo ndi masabata omwewo a chaka chatha, ndipo ngati kaundula wa chaka chatha palibe, amatchula miyezi yake poyera kuti wowerenga aweruze yekha. N'chimodzimodzi ndi ndalama: kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023, mitengo inakwera paliponse, ndipo ndalama zolowa m'kabati zinachuluka ngakhale kwa amene ankagulitsa katundu wochepa kuposa kale. N'chifukwa chake ndi bwino kuwerengera maoda kapena katundu wotuluka, osati makwacha. Ndipo ngati m'nthawi yomweyo mayi uja anatsitsa mtengo kapena anayamba kuperekera makeke pakabaza, chilungamo chimafuna kuti zimenezo zitchulidwe, pakuti mwina ndi zimene zinakoka anthu kuposa zithunzi.

Akuluakulu amati fodya ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Zimene zinachitika kwa mayi mmodzi m'masabata asanu ndi limodzi ndiye fodya wapamphuno, pamene lonjezo lakuti zidzachitikanso chimodzimodzi kwa wolandira uthenga ndi wapachala. Uthenga wabwino ukhoza kukhala waufupi chonchi: "Mayi wina wophika makeke ku Area 25 ankalandira maoda 9 pa sabata. Titamujambulira zithunzi ndi kukonza mndandanda wa mitengo, m'masabata asanu ndi limodzi a Meyi ndi Juni analandira maoda 14 pa sabata, malinga ndi kaundula wake. Sitingalonjeze nambala yomweyo kwa inu, koma tingakonde kuona mmene mukutsatsira panopa." Mawu akuti "makasitomala athu", pamene kasitomala ndi mmodzi yekha, alibe malo mu uthenga woterewu.

Chizolowezi china chimene chiyenera kutheratu n'chotumiza chithunzi cha uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba ngati umboni, dzina ndi nambala ya foni ya kasitomala zikuonekera. Manambala a bizinesi ndi a mwini bizinesi, ndipo amene akufuna kuwagwiritsa ntchito ayenera kupempha chilolezo cholembedwa, kumuonetsa mwiniwakeyo chiganizo chenicheni chimene chidzatumizidwe, ndi kumufunsa ngati akulola kutchulidwa dzina kapena kuimbiridwa foni ndi ofuna kutsimikiza. Kumulembera mawu oyamikira amene iye sananene, ngakhale atakhala kuti anakondwadi, ndi kupeka umboni, ndipo kutsatsa konyenga ndi nkhani imene bungwe loona za mpikisano pa malonda la CFTC limalandira madandaulo ake.

Wolandira uthenga naye ali ndi njira yosavuta yoyesera. Afunse kuti malondawo anachoka pa nambala iti, m'miyezi iti, ndipo ngati angalankhule ndi kasitomalayo. Amene ananena zoona amayankha nthawi yomweyo chifukwa zonse zili m'kaundula, pamene wokometsera amayamba kunena za chinsinsi cha kasitomala amene dzulo lake anamwaza nambala yake ya foni m'magulu a pa WhatsApp.