Chibwenzi chatsopano bala lisanapole: makadi atatu akuti chiyani?

Sabata ino ndikufuna tiwerengere limodzi makadi a taroti pa nkhani imene achinyamata ambiri timaidziwa. Mtsikana wina anasiyidwa patatha zaka zitatu ali pachibwenzi, ndipo pasanathe mwezi wapeza kale mnyamata wina. Funso lake ndi lakuti: “Kodi ichi ndi chikondi, kapena ndikungobisalira ululu?”

Tigwiritsa ntchito makadi a Rider-Waite, amene anatuluka mu 1909 ndipo zithunzi zake anajambula Pamela Colman Smith. Timayala makadi atatu kuchokera kumanzere: zakale, zalero, ndi kumene zinthu zikulowera.

Kumanzere kwatuluka Malupanga Atatu: mtima wolasidwa ndi malupanga atatu, mvula ikugwa. Apa palibe chachilendo, ndi kusweka mtima kuja.

Pakati pali mnyamata wokwera hatchi yoyera atanyamula chikho. Zikho mu taroti zimaimira zamumtima, choncho ambiri akaona khadili amafulumira kunena kuti, “Eya, ndiye mwamuna wanga ameneyu!” Koma taonani bwino chithunzicho. Hatchiyo ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo chikhocho angochinyamula, palibe amene wachilandira. Ine ndimawerenga kuti chikondi chaperekedwa, koma sichinakhazikike.

Khadi lachitatu ndi Malupanga Anayi: munthu wagona chagada, manja ali pamodzi, malupanga atatu apachikidwa pakhoma, limodzi lili pansi pake. Apa ndi pamene pagona nkhani. Malupanga atatu aja amene anali mumtima tsopano ali pakhoma. Achoka m'thupi, koma akadali m'chipinda momwemo. Khadili limanena za kupuma, osati kutha kwa chibwenzi, ndipo wogonayo ali yekha.

Tikawaphatikiza, malupanga atuluka kawiri, chikho kamodzi, ndipo chikhocho chapanikizika pakati. Ndiye kuti maganizo a chibwenzi chakale akutenga malo ambiri kuposa munthu watsopanoyu. Komanso pa makadi 78, alipo 22 akuluakulu amene amaimira zinthu zosintha moyo, ndipo pano sipanatuluke ngakhale limodzi. Nkhaniyi ndi ya tsiku ndi tsiku, yoti mtsikanayu angathe kuikonza yekha.

Cholakwika chimene anthu amachita kawirikawiri ndi kubwereza kuyala mpaka patuluke khadi lowasangalatsa. Chinanso ndi kuganiza kuti makadi aulula zimene zili mumtima mwa mnyamatayo. Sangatero. Amangokupatsani chithunzi choti muganizirepo.

Umboni weniweni uli pafoni panu. Kwa sabata imodzi, werengani kuti mwatsegula kangati tsamba la bwenzi lakale lija. Dzifunseninso ngati zithunzi zimene mumaika pa WhatsApp ndi zoti inu musangalale, kapena zoti uja aone. Yankho likakhala loti “aone”, muuzeni watsopanoyu chilungamo: mukufuna kuyenda pang'onopang'ono. Nayenso ali ndi mtima, asasanduke bandeji osadziwa.