Kiyi akhale kumanja, ndalama zikhale kumanzere

Mdzukulu wanga wina atapeza ntchito ku Lilongwe, anagona kwa mnzake masabata atatu akusaka nyumba ya lendi. Tsiku lina anaona zithunzi pa foni: nyumba ya zipinda ziwiri ku Area 25, yamatailosi, mpanda wa njerwa, madzi a m'nyumba, lendi K150,000. Anzake okhala m'nyumba zotero ankalipira pafupifupi kawiri. Apo pokha akanaima kaye, chifukwa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Anaimba foni. Bambo wa mawu ofatsa anati ali ku Joni, adzabwera mwezi wamawa, koma mwanayo atha kukaiona nyumbayo panja. Anamulondolera bwinobwino, ndipo nyumba anaipezadi, geti lokhoma, makatani ali m'mawindo. Atafunsa za makataniwo, anayankhidwa kuti wokhalamo akutuluka Loweruka. Kenaka panabwera mawu omwe amagwetsa ambiri: “Pali mayi wina wa ku banki akuifunanso, koma inu ndakukondani ulemu wanu. Tumizani theka kuti ndikusungireni, kiyi akupatsani mlamu wanga.” Anatumizanso chithunzi cha chiphaso cha unzika kuti amukhulupirire.

Mwanayo anatumiza K75,000 pa Airtel Money. Dzina lotuluka mu uthenga linali la mayi, losiyana ndi la pa chiphaso. “Ndi akazi anga,” anatero bamboyo. M'mawa mwake anapempha lendi ya miyezi itatu, akuti mlamu sangapereke kiyi popanda imeneyo. Apa m'pamene mwanayo anabwerera kukagogoda pa geti lija, ndipo amene anatuluka anali mwini nyumba weniweni, amene wakhalamo zaka zambiri ndipo sanaganizepo zochititsa lendi. Anati mwanayo anali munthu wachitatu kugogoda sabata imeneyo.

Ana inu, taonani pomwe panaterera. Mwanayo anaona nyumba, koma sanaone kuti woimba foniyo ali ndi mphamvu pa nyumbayo. Chithunzi aliyense atha kujambula ali pamsewu kapena kuchitenga kwa ena. Chiphaso chotumizidwa pa foni nthawi zambiri chimakhala cha munthu amene anachitaya kapena amene anaberedwa kale mwa njira yomweyi. Nambala za foni zimalembetsedwadi ndi chiphaso kuyambira 2018, koma akubawa amalembetsa ndi ziphaso za eni, ndipo ndalama ikangofika amathamangira kwa ejenti kukaitapa. Ndiye mukathamangira ku kampani ya foni ndi ku polisi, zomwe muyenera kuchita ola lomwelo mutasunga mauthenga onse, kawirikawiri mumapeza m'nambalamo mulibe kanthu.

Sindikunena kuti aliyense wokhala kutali ndi wakuba. Abale athu ambiri a ku Joni ndi ku Mangalande anamangadi nyumba kuno. Koma woteroyo amasiya munthu wodziwika kwa aneba, wokhala ndi kiyi m'thumba. Muuzeni munthuyo akutsegulireni, mulowe, mutsegule mpopi, muone dzina la pa bilu ya madzi. Mukatuluka, pitani nokha kwa aneba ndi kwa mayi wogulitsa tomato pakona, muwafunse kuti nyumbayi ndi ya yani ndipo lendi amatolera ndani. Safunsa anadya phula. Mukakhutira, lemberanani pa pepala pali mboni, ndipo ndalama ichoke m'dzanja lanu kiyi akulowa m'dzanja linalo. Fodya n'uyu ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Pa malo nkhani imawawa koposa, chifukwa pamapita penshoni yonse ya munthu. Wogulitsa akati poloti ili ndi mapepala, musakhutire ndi fotokope. Tengani nambala ya taitolo, mupite nayo ku ofesi ya kaundula wa malo ya Unduna wa za Malo ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, mulipire kandalama kofufuzira. Adzakupatsani pepala losonyeza mwini wake, komanso ngati malowo ali pa chikole ku banki kapena wina anaikapo chiletso. Dzina limenelo lifanane ndi chiphaso cha munthu amene waima pamaso panu, pa malo pomwepo, akukulozerani mabikoni. Akati akugulitsa m'malo mwa mwini, aonetse chikalata cha kwa loya chomupatsa mphamvuzo, ndipo loyayo mumufufuze nokha, osati pa nambala yomwe wakupatsani wogulitsayo. Akakhala malo a makolo, monga a m'mphepete mwa tauni, kaonaneni ndi anyakwawa, eni mbumba ndi onse ochita nawo malire, poti munda umodzi umatha kugulitsidwa kwa anthu atatu.

Mdzukulu wanga uja anadzapeza nyumba ku Area 49 patatha mwezi wina, yachipinda chimodzi, yopanda matailosi. Tsiku lolipira anandiitana, ndipo ndinakhala pakhonde ndi eni nyumba, mayi wachikulire, mdzukuluyo akuyesa kiyi pa chitseko chilichonse mpaka cha kubafa.