Kumanzere kwa ndani?

Kuchokera cha pa Biriwiri, kudutsa pa mphambano ya Tsangano mpaka ku Lizulu, msewu wa M1 umayenda motsatana ndi malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo m'malo ena kuwoloka msewu n'kulowa dziko la eni. Aliyense wa ku Ntcheu amazidziwa zimenezi. Koma funsani gulu la anthu kuti Mozambique ili kudzanja liti, muona mkangano ukubuka. Amene wazolowera kupita ku Lilongwe anena kuti kumanzere. Amene amaoda mbatata ndi kabichi ku Lizulu n'kumatsika nazo ku Blantyre alumbira kuti kumanja. Onsewo sakunama. Mozambique yangokhala phee kumadzulo kwake, amene watembenuka ndi munthu.

Pamenepa ndi pamene pagona mafunso aja amavutitsa achinyamata pa mayeso oyesa luntha, omwe olemba ntchito ndi makoleji ena amawakonda. Amakuuzani kuti munthu wayenda mtunda wakuti, wakhota, wayendanso, wakhotanso, kenako n'kufunsa kuti ali kuti tsopano poyerekeza ndi pomwe anayambira. Masamu ake ndi ochepa kwambiri. Ine ndimaona kuti ambiri amene amalephera sagwa pa kuwerengera ayi, amagwa chifukwa amasakaniza dzanja la munthu amene akuyenda m'funsomo ndi dzanja lawo iwo amene akhala pa desiki.

Tiyeni tilitenge limodzi, tiliyende mpaka kumapeto. Mnyamata wa kabaza wanyamuka pa golosale. Wapalasa mamita 200 kulowera kummwera. Wakhotera kumanzere n'kupalasa mamita 500. Wakhoteranso kumanzere n'kupalasa mamita 800. Kenako wakhotera kumanja, wapalasa mamita 300, waima. Ali mtunda wotani kuchokera pa golosale, ndipo ali mbali iti?

Wolemba funso sanayambire kummwera mwangozi. Pa pepala timajambula kumpoto kumwamba, kummwera kumunsi, kum'mawa kudzanja lamanja, kumadzulo kudzanja lamanzere. Munthu wa m'funso akamapita kumpoto palibe vuto, chifukwa akuyang'ana komwe inunso mukuyang'ana, ndipo manja anu akugwirizana. Koma akalunjika kummwera ndiye kuti akubwera kwa inu, nkhope yake ikupenyana ndi yanu. Kumanzere kwake ndi kumanja kwa pepala lanu. Ndi yemwe uja wa mbatata wotsika ku Blantyre: Mozambique ili kumanja kwake, ndipo dzanja lake lamanzere likuloza kum'mawa, ku chigwa cha Bwanje. Choncho mnyamata wathu akakhotera kumanzere kuchoka kummwera, walowera kum'mawa.

Ena amathana nazo potembenuza pepala pa kukhota kulikonse, kuti munthuyo aziyang'ana kutsogolo nthawi zonse. Zimathandiza ndithu, ndipo palibe chamanyazi, koma pa funso lokhota kasanu kapena kasanu ndi kamodzi umaiwala komwe unasiya kumpoto. Njira imene ndimaikhulupirira ndi yoloweza mndandanda umodzi wokha wozungulira: kumpoto, kum'mawa, kummwera, kumadzulo, n'kubwereranso kumpoto. Ndi mmene mivi ya wotchi imayendera. Kukhotera kumanja ndi kupita patsogolo kamodzi pa mndandandawu, kukhotera kumanzere ndi kubwerera m'mbuyo kamodzi, ndipo kutembenukiratu n'kubwerera komwe wachokera ndi kudumpha kawiri. Lamuloli silisamala kuti munthu wayang'ana kuti. Kuchoka kummwera kubwerera kamodzi ndi kum'mawa. Kubwereranso kamodzi ndi kumpoto. Kupita patsogolo kamodzi ndi kum'mawanso.

Mukatero, mawu akuti kumanja ndi kumanzere atha ntchito, ndipo musawalolenso kulowa mu kuwerengera. Ulendo wonse tsopano walembeka ndi mbali za dziko zokhazokha: 200 kummwera, 500 kum'mawa, 800 kumpoto, 300 kum'mawa.

Chotsatira ndi kusunga mabuku awiri, ngati wamalonda amene sasakaniza ndalama ya chimanga ndi ya feteleza. Buku loyamba ndi la kumpoto ndi kummwera, zomwe zimafafanizana zokhazokha. Mnyamatayu wapita 800 kumpoto ndi 200 kummwera, kutsala 600 kumpoto. Buku lachiwiri ndi la kum'mawa ndi kumadzulo. Wapita 500 ndi 300 kum'mawa, ndipo kumadzulo sanapondeko, ndiye ndi 800 kum'mawa. Mamita a kumpoto sangachotsedwe ku mamita a kum'mawa, ngakhale manambala ake akukopeni bwanji. Ulendo wonse wokhotakhota uja wasanduka mizere iwiri yokha, 600 chokwera pepala ndi 800 chopingasa, ndipo mizereyi yakumana pa kona yowongoka ya madigiri 90.

Mtunda umene akufunsa ndi wa chingwe chomangidwa pa golosale n'kukokedwa mpaka pomwe njinga yaima. Apa ndi pamene lamulo la Pythagoras, lija tinaphunzira ku sekondale, limagwira ntchito: chulukitsani mbali iliyonse ndi iyo yomwe, phatikizani, kenako funani nambala imene ikadzichulukitsa yokha ibala zimene mwapezazo.

```
600 × 600 = 360,000
800 × 800 = 640,000
360,000 + 640,000 = 1,000,000
√1,000,000 = 1,000
```

Yankho ndi mamita 1,000, kilomita imodzi, kumpoto chakum'mawa kwa golosale. Miyendo yake yapalasa mamita 1,800, ndipo nambala imeneyi siimasowa pakati pa mayankho anayi amene amakupatsani kuti musankhepo. Amaiikapo dala kudikira munthu wothamanga amene angophatikiza zonse.

Amisiri omanga nyumba aizindikira kale nambala yathuyi. Akafuna kona yowongoka ya maziko amayeza 3 mbali ino, 4 mbali inayo, ndipo chingwe chopingasa chikakwana 5 amadziwa kuti kona yakhala bwino. 600, 800 ndi 1,000 ndi 3, 4, 5 yemweyo, wangochulukitsidwa ndi 200. Olemba mayeso amakonda magulu ochepa oterewa chifukwa mayeso ambiri a mtunduwu amafuna munthu awerengere pamutu: 3, 4, 5, kenako 5, 12, 13, ndipo mwa apo ndi apo 8, 15, 17. Amene wawaloweza amapulumutsa nthawi, komanso amakhala ndi chomuchenjeza akasochera.

Onani mmene chenjezolo limagwirira ntchito. Tinene kuti mwalakwa pa kukhota koyamba kokha, mwamutumiza mnyamatayo kumadzulo, koma kwinako mwatsata lamulo bwinobwino. Kuchoka kumadzulo, kumanzere ndi kummwera, ndipo kumanja kotsatira ndi kumadzulonso. Mabuku anu aonetsa 1,000 kummwera ndi 800 kumadzulo. Mukachulukitsa n'kuphatikiza mupeza 1,640,000, ndipo yankho lake ndi 1,280 ndi zidutswa. Nambala yosalongosoka chotere pa mayeso opanda kakyuleta ikukuuzani kuti bwererani, pali pamene mwakhota molakwika.

Koma pali kulakwa kwina kumene nambala sikugwira, ndipo n'kumene ndimakuopa kwambiri. Munthu amene watembenuza kukhota konse, kumanzere kulikonse n'kukuyesa kumanja, apeza 200 kummwera, 500 kumadzulo, 800 kumpoto, 300 kumadzulo. Mabuku ake atseka pa 600 ndi 800, mtunda utuluka 1,000 wosalala bwino, mtima n'kukhala pansi. Chonsecho mnyamatayo wamuika kumpoto chakumadzulo, tsidya lina la golosale. Mtunda wokongola suchitira umboni mbali. Mankhwala ake ndi kuyesa kukhota kumodzi kokha ndi thupi lanu: dziikeni mu minibasi yotsika ku Balaka, mudzifunse kuti dzuwa la m'mawa likulowera pa zenera liti. Likulowera la kumanzere. Ngati pepala lanu likunena zina, lalakwa ndi pepalalo.

Kenako muwerenge mzere womaliza wa funso kawiri, chifukwa ulendo umodzi womwewu ukhoza kubala mayankho atatu osiyana. Akafunsa kuti mnyamatayo ali mbali iti ya golosale, ndi kumpoto chakum'mawa. Akafunsa kuti golosale ili mbali iti kuchokera pomwe iye waima, ndi kummwera chakumadzulo. Akafunsa kuti wayang'ana kuti, ndi kum'mawa, ndipo apa sipafunikanso mamita: kumanzere kuwiri ndi kumanja kumodzi kumatsala kumanzere kumodzi, ndipo kumanzere kumodzi kuchoka kummwera ndi kum'mawa.

Ndinenenso kuti mawu akuti kumpoto chakum'mawa pa mafunso awa ndi ongoyerekeza. Pakati penipeni pa kumpoto ndi kum'mawa ndi madigiri 45, ndipo munthu amakhala pamenepo pokhapokha mabuku awiri aja atseka pa nambala yofanana. Mnyamata wathu wapendekera kum'mawa, pa madigiri pafupifupi 53 kuchoka kumpoto. Mayeso oyesa luntha salabadira kusiyana kumeneku, koma mphunzitsi wa masamu akafunsa ngodya yeniyeni amafuna 053°. Ndipo dziko la m'mafunsowa ndi lathyathyathya, kukhota kulikonse ndi madigiri 90 pokhapokha atanena zina. Msewu wotsika phiri kuchoka ku boma kupita ku Kasinje simungauwerengere chonchi.

Mtundu umodzi wa mafunsowa umafuna diso la kwathu kuno, ndiwo wa mthunzi. Nthawi zina satchula kumene munthu wayang'ana, amangoti ndi m'mawa ndipo mthunzi wake wagwera kudzanja lake lamanja. Dzuwa lili kum'mawa, mthunzi uli kumadzulo, ndipo amene kumadzulo kuli kumanja kwake wayang'ana kummwera. Zimenezi n'zoona ku Ntcheu monganso kwina konse kumene mafunsowa amalembedwa. Za masana ndiye zina. Mabuku okonzekera mayeso ochokera kumayiko a kumpoto kwa dziko lapansi ena amaphunzitsa kuti dzuwa likafika paliwombo mthunzi umaloza kumpoto, ena amati kulibe mthunzi n'komwe. Ntcheu ili pafupifupi madigiri 15 kummwera kwa ikweta. Miyezi yambiri dzuwa la masana limadutsa chakumpoto kwathu, ndipo mthunzi umagwera kummwera. Mu Juni, mtengo wotalika mamita 10 umaponya mthunzi wa mamita pafupifupi 8 kuloza kummwera. Dzuwa limaima pamutu penipeni kawiri pa chaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi cha m'sabata yachiwiri ya Febuluwale. Pakati pa nyengo ziwirizi limapendekera kummwera, ndipo chakumapeto kwa Disembala mthunzi wa mtengo womwe uja umakhala wa mita pafupifupi imodzi ndi theka yokha, kuloza kumpoto. Funso la mthunzi wa masana losatchula malo ndi mwezi lilibe yankho limodzi kuno kwathu, ndipo mphunzitsi amene walikopera m'buku lakunja ayenera kulikonza asanalipereke kwa ana.