PIN yalowa, koma ndani adaitayipa?

Mabanki amatiuza kuti khadi la tchipi ndi PIN silingaberedwe mwachisawawa ngati khadi lakale lija la kamzere kakuda kumbuyo. Ine ndikuvomereza kuti tchipi idatseka chibowo chachikulu. Koma pali mbali ina imene eni mabanki saikamba mokweza, ndipo ndi imene ikukhudza thumba la munthu wamba: tsiku limene ndalama zasowa mu akaunti, ndani ali ndi udindo wopereka umboni?

Munthu akapereka khadi pasitolo pamakhala mafunso awiri, ndipo tisawaphatikize. Loyamba, kodi khadili ndi lenileni? Lachiwiri, kodi wanyamula khadiyu ndi mwini wake? Njira yakale ndi yatsopano zimayankha mafunsowa mosiyana kwambiri.

Kamzere kakuda kaja ndi kamaginito, m'bale wake wa tepi ya kaseti imene tinkamverera nyimbo. Mmenemo mudalembedwa nambala ya khadi, mwezi ndi chaka chimene lidzathere ntchito, ndi manambala ena ochepa. Zolembedwazo sizisintha. Mukhwekhwereze khadi lero, mukhwekhwereze chaka chamawa, makina amva zomwezo. Choncho aliyense amene wawerenga kamzereko kamodzi, kaya ndi kamakina kobisa m'thumba la woperekera zakudya kapena komatidwa pakamwa pa ATM, angathe kujambula zonse pa khadi lina lopanda kanthu, monga momwe anyamata a pamsika ankajambulira makaseti. Makina a m'sitolo alibe njira yosiyanitsira khadi lenileni ndi lojambula.

Nanga mwini khadi ankadziwika bwanji? Ndi siginecha. Makina ankatulutsa lisiti, wogula n'kusaina, ndipo wogulitsa ankayenera kufananiza ndi siginecha ya kuseri kwa khadi. Tinene chilungamo apa. Mtsikana wa pa thilo amene waima kuyambira m'mawa, mzere wa anthu utafika pakhomo, si katswiri wa zolembalemba. Wakuba khadi anali ndi chitsanzo cha siginecha m'manja mwake momwemo, choti n'kuyeserera usiku wonse. Wojambula khadi ndiye sankavutika n'komwe, ankangosaina yekha kuseri kwa khadi lake labodzalo. PIN idalipo kale pa ATM ngakhale m'masiku a kamzere, koma m'masitolo ambiri mlonda wa ndalama zanu adali diso la wogulitsa basi.

Tchipi ndi nkhani ina, chifukwa ndi kakompyuta kakang'ono. France idayamba kale, pofika 1992 makhadi a mabanki ake adali ndi tchipi ndi PIN. Kenako makampani a Europay, Mastercard ndi Visa adagwirizana za malamulo amodzi, otchedwa EMV potengera zilembo zoyamba za maina awo. Ku Britain adayesa njirayi mu tauni ya Northampton mu 2003, ndipo kuyambira pa 14 Febuluwale 2006 mwini khadi la tchipi adayenera kudziwa PIN yake kuti agule. Makhadi a Visa ndi Mastercard amene timanyamula kuno kwathu amatsata malamulo omwewo.

Tiyerekeze kuti mwagula katundu wa K45,000 ndipo mwalowetsa khadi m'makina. Mkati mwa tchipi muli kiyi wachinsinsi amene satuluka kunja, wodziwika kwa tchipiyo ndi banki yanu yokha. Makina amaiuza tchipi ndalama zimene mukulipira, tsiku, ndi nambala ina yongotola mwachisawawa. Tchipi imaphatikizapo nambala yake yowerengera, imene imakwera nthawi iliyonse khadi likagwira ntchito. Zonsezi imazisakaniza ndi kiyi uja n'kutulutsa chidindo cha manambala cha malonda okhawo. Banki imawerengera yokha chidindo chomwecho, ndipo zikafanana imadziwa kuti khadi ndi lenileni. Wakuba ataba chidindocho sichingamuthandize, chifukwa mawa ndalama zidzakhala zina, tsiku lina, nambala yowerengera ina. Funso loyamba lija layankhidwa bwino, ndipo pamenepa ndilibe nawo mlandu.

Funso lachiwiri limayankhidwa ndi PIN, ndipo pali njira ziwiri. Ina, makina amabisa PIN imene mwatayipa n'kuitumiza ku banki kuti ikaione. Ina, makina amafunsa tchipi yomweyo: PIN iyi ndi yolondola? Ikakhala yolondola tchipi imayankha ndi nambala yakuti 9000, kutanthauza kuti zili bwino. Ikakhala yolakwika imanena kuti kwatsala mwayi ungati, ndipo nthawi zambiri mukaphonya katatu imadzitseka. Wogulitsa saweruzanso kanthu. Siginecha idali chinthu chimene mumachita ndi dzanja, wina n'kuyang'ana. PIN ndi chinthu chimene mumadziwa m'mutu, ndipo woweruza ndi makina.

Tsopano taonani chimene chidasintha pa nkhani ya umboni. M'masiku a siginecha, mukakana kuti simudagule, pankakhala pepala. Mumatha kunena kuti bweretsani lisiti tione, ndipo aliyense amaona kuti dzanja limeneli si lanu. PIN ilibe dzanja. Manambala anayi otayipidwa ndi mwini khadi ndi otayipidwa ndi mbala imene idasuzumira paphewa pake amaoneka chimodzimodzi. Ndiye ku Britain anthu odandaula adayamba kulandira yankho limodzi: makina athu akuonetsa kuti tchipi idawerengedwa ndipo PIN idalowa, choncho ndinu nomwe, kapena mudasasamala. Woimbidwa mlandu, wosunga umboni ndi woweruza adali mmodzi yemweyo. Ife amene tidakhalapo mu ulamuliro wa chipani chimodzi mpaka referendamu ya 1993 kachitidwe kameneka sitikufuna wotimasulira.

Kodi makinawo sanganame? Mu Febuluwale 2010 akatswiri anayi a pa Yunivesite ya Cambridge, a Steven Murdoch, a Saar Drimer, a Ross Anderson ndi a Mike Bond, adaonetsa poyera kuti anganame. Chibowo chidali pa yankho lija la 9000. Yankholi lidalibe chidindo chachinsinsi, aliyense akadatha kulinena. Iwo adaika kachipangizo pakati pa khadi lenileni ndi makina a m'sitolo. Mauthenga onse kankangowadutsitsa, kupatula umodzi. Munthu akatayipa PIN iliyonse, ngakhale 0000, kachipangizoko kankaigwira osaifikitsa ku tchipi, n'kuyankha kokha kuti 9000. Makina ankakhulupirira kuti PIN yalondola. Tchipi, poti sidafunsidwe za PIN, inkaganiza kuti malondawa ndi a siginecha kapena osafuna PIN, ndiye inkapereka chidindo chake chenicheni. Banki inkaona chidindo chabwino n'kuvomereza. Lisiti linkatuluka litalembedwa kuti Verified by PIN, kunena kuti PIN yatsimikizidwa, pamene PIN yeniyeni sidalowe n'komwe.

Onani bwino, khadi lidali lenileni, lobedwa chabe. Funso loyamba lidayankhidwa moona, lachiwiri monama, ndipo banki idatenga yankho loyamba ngati umboni wa onse awiri.

Eni makhadi adati njirayi ndi yovuta, yongotheka kwa anthu a ku yunivesite onyamula makompyuta m'chikwama. Chakumapeto kwa 2010 bungwe la UK Cards Association lidalembera yunivesiteyo kupempha kuti ichotse poyera kafukufuku wa wophunzira wina amene adapanga kachipangizo koyesera zimenezi. A Anderson adakana. Chodabwitsa n'chakuti mmalo mothamangira kukonza denga lodontha, adathamangira kutseka pakamwa amene adaloza podontha. Ifenso tidaziona zotere, nthawi imene kunena kuti m'mudzi muli njala kudali mlandu woposa njalayo.

Sipadatenge nthawi. Mu 2011 ku France kudadziwika kuti gulu la mbava likuchita zomwezo, koma mopanda chikwama. Iwo ankachotsa tchipi pa khadi lobedwa, n'kuwotchererapo tchipi ina yaing'ono pamwamba pake, zonse n'kuziika pa khadi limodzi looneka labwinobwino, longokhuthala pang'ono. Tchipi yachiwiriyo ntchito yake idali kuvomereza PIN iliyonse. Ndi makhadi pafupifupi 40 adagula maulendo okwana ngati 7,000, katundu wa mayuro pafupifupi 600,000, makamaka ku Belgium. Akatswiri ofufuza adachita kuliunika khadi ndi ekisire kuti aone tchipi yobisikayo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti bodzali likadatha kugwidwa. Tchipi imalemba mbali yake ya nkhani, kuti PIN idafunsidwa kapena ayi, ndipo imatumiza zimenezi ku banki pamodzi ndi chidindo. Makina a m'sitolo nawo amalemba mbali yawo. Pa chinyengo chija mboni ziwirizi zimatsutsana: makina akuti PIN idalowa, tchipi ikuti sindidaione. Banki yofananiza ziwirizi imagwira mbala nthawi yomweyo. Pambuyo pa milandu imeneyi eni makhadi adati adatseka chibowocho, ndipo kumene PIN imapita kukaonedwa ku banki chinyengo chamtundu umenewu sichigwira. Koma amene adakanizidwa ndalama zawo chibowo chisadadziwike adauzidwa molimba mtima kuti makina salakwa.

Ndipo kamzere kakuda sikadafe. Tembenuzani khadi lanu, mwina mukapeza. Tchipi ikakanika kuwerengeka, makina ena amalola wogulitsa kukhwekhwereza khadi, ndipo pamenepo mwabwerera ku njira yakale ndi zofooka zake zonse. Mastercard idalengeza mu 2021 kuti pofika 2033 makhadi ake sadzakhalanso ndi kamzereka. Kufikira tsiku limenelo, wogulitsa akakuuzani kuti tchipi yakana ndiye tikhwekhwereze, khadi lisachoke pamaso panu, ndipo lisiti mulisunge. Palinso kugula kongogunditsa khadi pa makina, kumene pa ndalama zochepa PIN siifunsidwa n'komwe.

Ena adzati ndikuopseza anthu pachabe, popeza ambiri oberedwa amakhala kuti adalemba PIN pa kapepala m'chikwama, kapena adatuma mwana wa achimwene ku ATM. N'zoona, ndipo wotero asadandaule kwa ine. Koma kuchuluka kwa osasamala sikupatsa banki ufulu woweruza wosamala popanda kumuonetsa umboni. Britain yomweyo idazindikira zimenezi. Malamulo amene adayamba kugwira ntchito mu Novembala 2009 adanena kuti kasitomala akakana malonda, ndi banki imene iyenera kutsimikiza kuti adavomerezedwa, ndipo kungoonetsa kuti khadi lidagwiritsidwa ntchito sikukwanira pakokha kutsimikiza kuti mwini wake adavomera kapena adasasamala.

Pempho langa kwa a Reserve Bank of Malawi ndi aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo ndi lakuti mfundo imeneyi ikhale yomveka kwa aliyense wonyamula khadi, ndipo ipachikidwe m'Chichewa pakhoma la banki iliyonse. Wodandaula akhale ndi ufulu wofunsa zinthu zitatu ndi kuyankhidwa polemba: kodi malondawo adachitika ndi tchipi, kamzere kapena kugunditsa? Kodi PIN idaonedwa ndi tchipi kapena ndi banki? Kodi zimene tchipi idalemba zikugwirizana ndi zimene makina a m'sitolo adalemba? Mayankho onsewa ali kale m'makompyuta a banki. Ndipo zolembedwazo zisafufutidwe dandaulo lisadathe.