Foni ikamatentha pa tchaja, ipatseni mpumulo

Mwezi wa Okutobala ukafika pano pa Mponela, dandaulo lomwe ndimamva kwambiri kwa okonza mafoni pamsika ndi la foni yotentha ngati mbatata yootcha. Ambiri amathamangira kunena kuti tchaja ndi yachinyengo. Nthawi zina n'zoona, koma kawirikawiri vuto limakhala loti foniyo taisenzetsa katundu wambiri nthawi imodzi.

Magetsi akamalowa m'batire, si onse amene amasungidwa. Ena amasanduka kutentha m'timawaya ndi m'batire momwemo. Tchaja ya mawati 25 imakankha magetsi mwamphamvu kuposa ya mawati 10, choncho foni imafunda kwambiri, makamaka batire ikakhala m'munsi. Kufunda koteroko si matenda, ndipo kumachepa batire ikamayandikira kudzaza.

Vuto limabwera tikawonjezera moto wina. Taganizirani mlimi wa fodya kumapiri a Ntchisi amene akutchaja foni pa sola masana, m'nyumba ya malata. Foniyo ili m'kavala ya labala, yagona pa matiresi, ndipo ana akuonera vidiyo. Mudziwo uli m'chigwa momwe netiweki imafika movutikira, ndiye foni imawonjezera mphamvu pofuna kulumikizana ndi nsanja yomwe ili kuseri kwa phiri. Apa moto ukuchokera ku batire, ku sikirini, ndi ku netiweki, pomwe kavala ndi matiresi zatseka potulukira. Opanga mafoni ambiri amati foni izigwira ntchito pamalo osapitirira madigiri 35. Pansi pa malata masana a chilimwe, malirewo sachedwa kudutsidwa.

Ine ndimalangiza kuyamba ndi zosalira ndalama. Vulani kavala, ikani foni pa simenti kapena pa tebulo pamthunzi, ndipo isiyeni. Ngati simukudikira uthenga wa ndalama kapena wa kuchipatala, yatsani Airplane mode kuti ileke kusakasaka netiweki. Apo ayi, zimitsani Hotspot ndi Mobile data. Pa mafoni ambiri a Samsung, mukalowa mu Settings n'kupita pa Battery, mupeza Fast charging. Izimitseni masiku otentha. Foni idzadzaza mochedwerapo, koma batire idzakhalitsa.

Nanga mungadziwe bwanji kuti zafika poipa? Ngati foni ikutentha ngakhale mwaisiya pamthunzi osaigwira, yesani tchaja ndi chingwe china. Pamene pakutentha ndi polowera chingwe pokha, ndiye kuti pali fumbi kapena chingwecho chatha. Koma mukaona chivundikiro chakumbuyo chatukuka, kapena sikirini yayamba kunyamuka, batire yafufuma. Musaitchajenso, musaiboole, ndipo musaigoneke pafupi ndi mwana, chifukwa batire yotere imatha kuyaka. Pitani nayo kwa wokonza akaike ina.

Komanso foni yotentha musaiike m'firiji kapena kuikulunga nsalu yonyowa. Chinyontho chikalowa m'kati, mudzagula foni yonse m'malo mwa batire yokha.