Mkhalapakati Amasunga Katundu, Sasunga Kwacha

Boma la Mzimba lakhala likutumiza ana ake ku Joni kuyambira masiku a Wenela, ndipo kufikira lero mabanja ambiri a ku Embangweni, ku Edingeni, ku Jenda ndi ku Luwerezi amadalira ndalama zochokera kumeneko. Njira yotumizira ndalamazo ndi imene yasintha. Kale zinkabwera m'thumba la munthu wokwera basi kapena kudzera ku positi ofesi. Tsopano ena mwa achinyamata akugula ndalama za pa makina zotchedwa kiripito, makamaka USDT imene mtengo wake umayendera limodzi ndi dola ya ku Amereka, nkuzitumiza kwa abale awo kuti akazigulitse kwa anthu ena ndi kulandira Makwacha pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba. Kuchepa mphamvu kwa Kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kunawonjezera chidwi cha anthu pa ndalama zotsatira dola.

Pa malonda amenewa anthu awiri osadziwana amagulana, wina ali pa boma la Mzimba, wina mwina ali ku Lilongwe. Funso lake ndi lakalekale: ayambe kupereka ndani? Wogulitsa akayamba kutumiza kiripito, wogula akhoza kungozimitsa lamya, ndipo kiripito ikachoka siibwezedwanso. Wogula akayamba kutumiza Makwacha, wogulitsa akhoza kuchitanso chimodzimodzi. Nchifukwa chake misika ya pa intaneti imene imakumanitsa anthu otere inakhazikitsa mkhalapakati, amene pa malondawa amamutcha esikuro. Ganizo la danga lino ndi lakuti mkhalapakatiyu ndi wodalirika ndithu, koma amalondera khomo limodzi lokha, ndipo ambiri amene abedwa anabedwa chifukwa chosadziwa khomo limene iye salondera.

Anthu a kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa sangavutike kumvetsa zimenezi pakuti amadziwa malonda a ng'ombe. Ng'ombe ikagulitsidwa kwa mlendo amene ndalama zake zikadali m'njira, ikhoza kutsekeredwa m'khola la munthu wachitatu wodalirika. Mwini wake sangaigulitsenso kwina, ndipo wogulayo sangaitenge kufikira mwini atanena kuti ndalama zafika. Koma mwini kholayo sawerenga ndalamazo. Iye amangomva mawu a mwini ng'ombe nkutsegula. Umu ndi mmenenso esikuro imagwirira ntchito.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza, ndipo mtengo wake waikidwa kuti masamu asavute. Mphunzitsi wina wa pa boma la Mzimba walandira 100 USDT kuchokera kwa mlongo wake wa ku Joni. Atsegula msika wa pa lamya napeza wogula amene walengeza kuti akugula pa K2,000 iliyonse, kulipira pa Airtel Money. Zonse pamodzi zikwana K200,000. Mphunzitsiyo akangovomera malondawo, msika uchotsa 100 USDT m'thumba lake nkuitsekera kwa mkhalapakati. Kuyambira nthawi imeneyo iye sangaitumize kwina kapena kuigulitsa kachiwiri. Apa ndi pamene wogula amatetezedwa: akulipira katundu amene alipodi, ndiponso amene watsekeredwa chifukwa cha iye.

Kenaka koloko iyamba kuwerenga. Wogula amapatsidwa nthawi yochepa, kawirikawiri mphindi 15 kapena 30, kuti atumize K200,000 ku nambala ya mphunzitsi uja. Akatumiza adina batani lonena kuti walipira. Akapanda kulipira nthawi nkutha, malonda afafanizika ndipo 100 USDT ibwerera kwa mwini wake osachepa ngakhale pang'ono. Apa ndi pamene wogulitsa amatetezedwa: katundu wake sachoka chifukwa cha lonjezo chabe. Potsiriza mphunzitsiyo aona ngati ndalama zalowadi, nadina batani lomasulira, limene pa misika yambiri limalembedwa kuti Release. Akadina, malonda atha, ndipo palibe ofesi iliyonse pa dziko lapansi imene ingalonjeze kumubwezera.

Tsono mfundo yaikulu ndi iyi. Msika wa kiripito umaona kiripito yokha. Suona za m'kati mwa Airtel Money kapena Mpamba, pakuti amenewa ndi makampani ena okhala ndi mabuku awoawo. Batani lonena kuti "ndalipira" ndi mawu chabe a wogula, si umboni. Kotero pa malonda onsewa pali chinthu chimodzi chimene makina sangamuchitire wogulitsa, ndicho kutsimikiza kuti Makwacha alowa. Akuba onse amalimbikira pa mpata umenewu.

Chinyengo choyamba ndi uthenga wabodza. Lamya ya mphunzitsi ilira, nkuoneka uthenga wolembedwa mofanana ndi wa kampani, wonena kuti walandira K200,000. Nthawi yomweyo wogula atumiza chithunzi cha risiti ndi kuyamba kumukakamiza kuti amasule msanga chifukwa ali pa changu. Chizindikiro chake nchosavuta: uthenga woterewu kawirikawiri umachokera ku nambala wamba ya munthu, osati ku dzina la kampani, ndipo ndalama za mu akaunti sizisintha. Mankhwala ake ndi kusakhulupirira uthenga kapena chithunzi chilichonse, koma kuimba *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba ndi kudzionera yekha. Ngati m'mawa munali K15,000, tsopano muyenera kukhala K215,000. Ngati muli K35,000, ndiye kuti wogula watumiza K20,000 poyembekeza kuti maso athamanga osawerenga maziro. Kumadera kumene netiweki imavuta, wogulitsa asachite manyazi kudikira. Wogula atadina kuti walipira, katundu amakhalabe kwa mkhalapakati, ndipo kudikira sikuluzitsa aliyense.

Chinyengo chachiwiri nchoopsa koposa chifukwa ndalama zimalowadi. Wakuba alengeza pa WhatsApp kuti akugulitsa feteleza wotsika mtengo. Mlimi wa ku Champhira akopeka nagwirizana naye za matumba a K200,000. Nthawi yomweyo wakubayo atsegula malonda ndi mphunzitsi wa pa boma uja, natenga nambala ya mphunzitsiyo nkuipereka kwa mlimi kuti ndiko alipire. Mlimi atumiza, mphunzitsi aona K200,000 yalowa, namasula 100 USDT kwa wakuba. Feteleza safika. Mlimi akakadandaula ku kampani ya lamya ndi ku polisi, nambala imene ipezeka m'mabuku ndi ya mphunzitsi, pakuti kuyambira 2018 manambala a lamya m'Malaŵi amalembetsedwa m'dzina la mwini wake. Akaunti yake ikhoza kutsekedwa pofufuza, ndipo kwa wogwira ntchito m'boma, dzina lomveka pa mlandu wa kuba ndi chilonda chosapola msanga.

Chizindikiro cha chinyengo chimenechi chimakhalapo nthawi zonse kwa amene akuyang'ana. Misika yodziwika imafuna kuti munthu aonetse chiphaso chake asanayambe malonda, motero dzina la wogula limaoneka pa malondapo. Dzina la amene watumiza Makwacha limaonekanso mu uthenga weniweni wa kampani. Maina awiriwa ayenera kufanana. Akasiyana, ngakhale wogula atanena kuti ndi nambala ya mkazi wake kapena ya ejenti, wogulitsa asamasule. Adine batani la madandaulo lolembedwa kuti Appeal, afotokoze kusiyanako, ndipo ngati ndalama ziyenera kubwezedwa, zibwerere ku nambala yomwe zinachokera, osati ku nambala ina imene wogula angatchule.

Wogula nayenso ali ndi misampha yake. Akalipira, wogulitsa wosakhulupirika akhoza kumunyengerera kuti afafanize malondawo ponena kuti makina asokonekera ndipo ayambirenso. Kufafaniza kumatsegula khola ndi kubwezera katundu kwa wogulitsa, Makwacha atapita kale. Chimodzimodzinso wogula amene watumiza ndalama koma waiwala kudina kuti walipira: koloko ikatha, mkhalapakati amayesa kuti palibe chachitika. Choncho wolipira adine batanilo nthawi yomweyo, asunge uthenga wokhala ndi nambala ya risiti, ndipo wogulitsa akakhala chete akadandaule. Pa madandaulo antchito a msika amawerenga zokambirana za pa msikapo ndi maumboni a mbali zonse ziwiri, ndipo akakhutira kuti ndalama zinaperekedwa amamasula katundu okha ngakhale wogulitsa asafune.

Nchifukwa chake mawu akuti "tiyeni tikamalizire pa WhatsApp, mtengo ndikuwonjezerani" ndi mawu oopsa koposa pa malonda onsewa. Kunja kwa msika kulibe khola, kulibe koloko, kulibenso wodandaulira. Amene akuwonjezera K100 pa dola iliyonse kuti malonda achitikire kuseri sakugula kiripito ayi, akugula kuchoka kwa mkhalapakati. Pa 100 USDT phindu lake ndi K10,000, pamene chimene chili pa ngozi ndi K200,000.

Nkoyeneranso kunena mosabisa kuti mkhalapakatiyu ali ndi malire ake. Iye ndi kampani ya kunja, ndipo makampani amatseka. Msika wa LocalBitcoins wa ku Finilandi, umene unali mwa oyamba pa malonda otere, unalengeza kutseka mu Febuluwale 2023. M'chaka cha 2024 Binance inaleka malonda a ndalama ya Naira itasemphana ndi boma la Naijeriya. Kuno kwathu Banki Yaikulu inachenjeza m'chaka cha 2019 kuti kiripito si ndalama yovomerezeka yolipirira m'Malaŵi. Esikuro siisintha lamulo lililonse la dziko lino lokhudza ndalama zakunja, ndipo siichotsa mlandu wa kulandira ndalama zakuba, umene lamulo la milandu ya zachuma la 2017 limaunena. Motero msika ndi podutsa chabe, si nkhokwe yosungiramo chuma cha banja.

Ena amati popeza zoopsa nzambiri chotere, kuli bwino kungouza anthu kuti asayandikireko. Maganizo amenewa ali ndi nzeru yake, ndipo amene akufuna kungolandira thandizo la ku Joni mwamtendere ali nazo njira zovomerezeka za mabanki ndi makampani otumiza ndalama. Koma kuletsa kopanda kufotokoza kumangothamangitsira malondawa m'magulu a pa lamya kumene kulibe mkhalapakati konse. Aphunzitsi, alangizi a zaulimi, azaumoyo ndi atsogoleri a m'madera ndiwo amafunsidwa nzeru kumudzi, ndipo ayenera kukhala ndi yankho lomveka. Yankholo ndi lalifupi: ndalama zionedwe mu akaunti, dzina lifanane, zokambirana zikhale pa msika, ndipo batani lomasulira lidinidwe potsiriza penipeni. Fisi akalowa m'khola lotsekedwa bwino, kawirikawiri amakhala kuti wamutsegulira ndi mwini ng'ombe.