Mabatani akafa pa laputopu, musathamangile kunena kuti ni fumbi

Mu Ogasiti na Seputembala mphepo imabweletsa fumbi paliponse, conco mabatani ena a laputopu akaleka kugwila nchito, aliyense amati ni fumbi. Ena amayamba kuzula mabatani na mpeni, ena amathila sipiliti. Ine niona kuti tiziyamba tayang'ana kuti ni mabatani ati amene afa, cifukwa mabataniwo amatiuza pamene pali vuto tikalibe kumasula sikuluu olo imodzi.

Batani lililonse silikhala na waya wake-wake. Pansi pa kiibodi pali tumizele twa magetsi topingasa, ndipo mzele umodzi umatumikila mabatani angapo. Tumizele tonse tumathela mu riboni, kalamba kopyapyala ka pulasitiki kamene kamaloŵa mu soketi pa bodi yaikulu ya laputopu. Riboni ikasunthako pang'ono, mzele umodzi umaduka, ndipo mabatani onse a pa mzelewo amafela pamodzi.

Tiyeni titenge citsanzo. Mwatsegula Notepad na kudina mabatani onse limodzi-limodzi. Mwapeza kuti Q, W, E, R na U, I, O, P salemba, koma T na Y, amene ali pakati pawo, alemba bwino. Kodi fumbi ingatseke mabatani anayi, kulumpha aŵili, kenaka kutsekanso anayi? Iyai. Pa makiibodi ambili mabatani 8 amenewa ali pa mzele umodzi wa magetsi, pamene T na Y ali pa mzele wina. Apa vuto ili pa riboni kapena pa mzelewo.

Fumbi na nyenyeswa zimaonekela mwa njila ina. Zimagwila batani limodzi kapena aŵili oyandikana, ndipo cala cimamva: batani limalimba, limakhulukuta, kapena silibwelela bwino m'mwamba. Nthawi zina limalemba mukalidina mwamphamvu. Koma batani limene lafa cifukwa ca riboni limatsika na kubwelela monga mwa masiku onse, kungoti pa sikilini sipaoneka kanthu.

Nanga nyali za pansi pa mabatani? Nyenyeswa siingazimitse nyali zonse. Pa malaputopu ambili nyalizi zimakhala na kariboni kawo kakang'ono, pambali pa riboni yaikulu. Ngati nyali na mabatani zinafa tsiku limodzi, makamaka laputopu itagwa kapena wina ataitsegula, ganizilani za mariboni. Koma samalani na msampha uwu: nyali zimayatsidwa na batani. Pa ThinkPad zambili mumadina Fn pamodzi na Space. Ngati limodzi mwa mabatani amenewa lili pakati pa akufa, nyali zingakhale zili bwino-bwino, kungoti mulibe cozitsegulila.

Ena adzati, "Lumikizani kiibodi ya USB muone." Ni nzelu yabwino, koma iyankha funso limodzi cabe. Ikalemba zilembo zonse, ndiye kuti Windows ilibe mlandu. Sikuuzani ngati ni fumbi kapena riboni.

Ngati zizindikilo zionetsa fumbi, zimitsani laputopu, ipendamitseni, na kupukuta pakati pa mabatani na kabulashi kofeŵa kouma. Musazule batani, cifukwa tupulasitiki twa pansi pake tumathyoka mosavuta.

Ngati zionetsa riboni, pitani kwa wokonza makompyuta na pepala la mabatani akufa, ndipo mum'pemphe kuti ayambe wabwezela riboni pamalo pake musanakambe zogula kiibodi. Nchitoyi ili na ndondomeko yake. Acotse caja, atsegule, na kucotsa waya wa batili asanagwile ciliconse. Soketi ya riboni ili na kaloko kakang'ono: amakanyamula na cikhadabo, amacotsa riboni, amaiyang'ana, amailoŵetsa moongoka mpaka kumapeto, kenaka amatseka. Kukoka riboni kaloko kali kotseka kumapala tumano twake, ndipo kaloko kakathyoka vuto yaing'ono yasanduka ya bodi yaikulu.

Nivomeleza kuti kubwezela riboni sikucilitsa nthawi zonse. Ngati tiyi kapena madzi analoŵapo kale, mzele ungakhale utadyeka mkati mwa kiibodi, ndipo zizindikilo zake n'zofanana na za riboni yosuntha. Pamenepo kiibodi ifunika kusinthidwa, ndipo pa malaputopu opyapyala ambili inamatidwa ku civundikilo ca pamwamba, conco mtengo umakwela. Ndiye cifukwa cake kuyamba na riboni n'kwanzelu. Wokonza amene akuuzani mtengo wa kiibodi yatsopano asanafunse kuti ni mabatani ati amene afa, mum'funse coyamba ngati waiona riboni.